B2 Yothawa

Miyezi isanu pa sukulu yatsopanoyi ndinkadya ndekha m'chipinda cha aphunzitsi, pa katebulo ka pakona pafupi ndi kabati ya choko. Aphunzitsi anzanga ankangondipatsa moni wapakamwa. Zinkandiwawa, ndisaname.

Lachinayi ndinapereka zotsatira za masamu kwa ahedi. Ana onse 42 akhoza, ambiri kupitirira 90 peresenti. Lachisanu ahedi anandiyamikira pamaso pa onse, ndipo amayi ophunzitsa sayansi, omwe anali asanandisekerepo, anandikokera mpando.

"Achemwali, kuyambira Lolemba muzidya nafe kuno," anatero. "Kukonako mudzaphukako nkhungu."

Ndinaseka mpaka misozi.

Anthu ataweruka ndinatsala kuti ndisindikize malipoti opita kwa makolo. Maso anga anagwera pa mwana wotsiriza, mtsikana wogona m'kalasi yemwe anzake amamutcha Tulo. Malikisi 12 pa 80, koma pambali pake palembedwa 92 peresenti. Tulo ameneyu? Ngakhale amayi ake omubereka sangavomere.

Ndinayamba kudina mabokosi a malikisiwo pa kompyuta. Mu bokosi la B2 ndinali nditalemba 80, malikisi onse a mayeso, ndipo pansi pake ndinandandalika malikisi a ana kuyambira wapamwamba kutsika. Fomula yoyamba, =B3/B2*100, inali bwinobwino. Koma nditaikokera pansi, B2 nayo inatsika. Mzere wotsatira unati B4/B3, winawo B5/B4, choncho mpaka pansi. Mwana aliyense ankagawidwa ndi malikisi a mnzake wa pamwamba pake, osati 80. Tulo anagawidwa ndi 13.

Ndinaitukwana kompyutayo, koma yalakwanji? Inachita zomwe ndinaituma. Mankhwala ake ndinkawadziwa: kulemba $B$2, kuti bokosilo lisasunthe fomula ikamatsika. Lachitatu, powerengera malikisiwo, ndinangoiwala, ndipo panalibe woti ndimuonetse.

Panja mlonda ankakoka geti. Ahedi sayang'ana mafomula, amayang'ana manambala. Ndikanasindikiza momwemo, palibe akanadziwa mpaka mayeso aakulu, ana omwewo atagwa chagada. Koma mpandowo ndinkaufuna, anthuni. Munthu wamkulu ngati ine, mtima kulira mpando.

Ndinaika zizindikiro ziwiri za $ zija n'kukokeranso pansi. Manambala anagwa onse pakamodzi. Okhoza anatsala 17. Tulo anapeza 15 peresenti yake.

Ndinaimbira ahedi n'kuwafotokozera zonse.

"Ndatumiza kale ku ofesi yayikulu, dzina lanu lili pamwamba," anatero. "Lolemba mudzawauze nokha anzanu."

Lolemba ndinawauza, nditaimirira. Palibe anandiseka, palibe anandikalipira. Belu la chakudya litalira ndinanyamula kontena yanga n'kuima pakati pa chipinda. Amayi a sayansi anali kalikiliki kufunafuna chinachake m'chikwama mwawo, ndipo sanadzutse mutu mpaka nditadutsa.