Dzina Lomwe Linatuluka kwa Che Umaru

Débora anapeza Che Umaru ali pakhonde, ukonde uli pamiyendo, akusoka pong'ambika. Mota yawo yofiira inali pansi pa mtengo wa mango, chishalo chitaphimbidwa ndi thumba kuti chisatenthe ndi dzuwa.

"Odi kuno!"

"Fikani. Ndinu a inkerito aja, a kafukufuku? Sekeretari wa mudzi uno anatiuza kuti mubwera. Hamida, mpando wa alendo!"

Débora anali mtsikana wa ku Entre Lagos, ndipo iyi inali ntchito yake yoyamba chimalizireni sukulu. Gulu lawo linkayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta kufunsa momwe anthu amafikira kuchipatala akadwala. Nyumba zoti alowemo zinasankhidwa kale ku ofesi. M'nyumba iliyonse ankayenera kucheza ndi munthu wamkulu mmodzi basi.

"Funsani, mwanangu," anatero Che Umaru osasiya kusoka. "Za pano zonse ndimazidziwa ndine. Wina akangotentha thupi, pamota, kuchipatala. Lembani zimenezo."

"Tisanayambe, bambo, ndikufuna mayina a akuluakulu onse amene amagona pano ndi kudya za mumphika umodzi. Amene anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Ine. Hamida, mkazi wanga. Masudi, mwana wanga, ali panyanja."

"Palibenso wina?"

"Atha."

Kuseri kwa nyumba kunamveka chifuwa, kenako kuphwanyika kwa nkhuni. Débora anayang'ana pa tabuleti yake. Kufunsa munthu wamkulu kawiri kunkamuchititsa manyazi, koma anafunsabe.

"Nanga amene akutsokomolawo ndi mlendo?"

Hamida, mayi wonenepa wa ndolo zagolide, anaseka ali pakhomo. "Mlendo wokhala pano zaka makumi atatu! Ndi a Rahma amenewo."

"Mkazi wanga wamkulu," Che Umaru anatero ngati akutchula mbuzi yomwe inawavuta kugulitsa. "Ndinamutenga kutsidya, ku Malawi. Mwana sanandiberekere. Ngati mumalemba ndi nkhuku zomwe, mulembeni."

Débora analemba mayina anayiwo ndi zaka zawo, n'kudina pa tabuleti kuti isankhe mmodzi. Dzina linatuluka: Rahma.

"Ndicheza ndi mayi Rahma," anatero motsitsa mawu.

Singano inaima m'dzanja la Che Umaru. "Dinaninso."

"Sizitheka, bambo. Imasankha kamodzi, ngati maere. Nonse anayi munali ndi mwayi wofanana."

"Wofanana? Ine ndi Rahma?" Anatembenukira kwa Hamida. "Wamva? Boma latumiza galasi loti lizitiuza mwini nyumba pano ndani."

"Sinkhani ya mwini nyumba," Débora anayesa kufotokoza monga momwe anawaphunzitsira. "Tikamafunsa aliyense amene watilandira, m'mudzi muno tingomva abambo okhala pakhonde masana, omwe ali ndi antchito panyanja ndi mota pabwalo. Amene ali kumunda, panyanja kapena kukhitchini sitiwamva, pamene mwina iwo kuchipatala amapita movutika kuposa inu. Ndiye ziwerengero zidzanena kuti kuno aliyense amafika kuchipatala bwinobwino."

"Ndiye mukuti ndine wabodza."

"Ayi, bambo."

"Rahma kulibe. Wapita kukayanika matemba."

Chifuwa chija chinali chitasiya. Débora anaimirira, nati abweranso madzulo, chifukwa wosankhidwa akasowa sitenga wina m'malo mwake, timabwerera.

Masana anakapeza shefe wa gululo, a Tobiasi, akudya chinangwa chokazinga m'galimoto, nawauza zonse.

"Shefe, bwanji ndingocheza ndi mkazi wamng'onoyo? Nayenso ndi mayi."

"Ukamusankha iwe, asankha ndi Che Umaru," anayankha a Tobiasi akupukuta zala pa thalauza. "Lero usintha chifukwa mwamuna wakwiya, mawa chifukwa galu wauwa. Pamapeto pake tidzakhala ndi mawu a anthu osavuta kuwapeza okhaokha. Mayiyo akakana yekha, lemba kuti wakana, basi. Koma akane ndi pakamwa pake."

Débora atabwerera madzulo, anapeza Hamida atafunda nsalu ya kapulana yakale kumutu, atakhala pamphasa mowerama.

"Ndine Rahma," anatero ndi mawu onjenjemera dala. Anyamata awiri osoka maukonde anali kuluma milomo kuti asaseke.

"Mayi, ndolo zanu ndinaziona mmawa."

Anyamatawo anaphulika kuseka. Hamida anavula kapulanayo mokwiya. "Pita ukawaone ndiye. Koma utseke mphuno."

Rahma anali m'kakhitchini ka udzu kuseri, akupala mamba a nsomba. Anali wowonda, ndipo mwendo wake wakumanzere unali womangidwa ndi chidutswa cha ukonde wa udzudzu chomwe chinali chitada. Ntchentche zinkatera ndi kuuluka. Débora anagwada, napereka moni, n'kufotokoza kuti dzina lawo latuluka, kuti palibe chomwe alandire, kuti zomwe anene sizidzamveka kwa wina aliyense pakhomopo, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana.

"Ndani anakuuzani za ine?"

"Palibe, mayi. Ndi maere chabe."

"Maere." Rahma anapitiriza kupala kwa kanthawi. "Ine pano kuitanidwa ndi dzina ndinaiwala. Ndimangomva 'iwe'."

Che Umaru anatulukira pangodya ya nyumba, manja ali kumbuyo.

"Funsani pompano, ndizimva."

"Timacheza awiri basi, bambo. Ngakhale mukanatuluka inu, mayi sakanakhalapo."

"Mkazi wanga anong'onezane ndi a boma pabwalo langa, ine ndili uko ngati mbuzi yomangirira?" Anayang'ana Rahma. "Iwe, mtsikanayu akuti ukhoza kukana. Ukanena zimene ine sindikuzimva, ndiye kuti ukundineneza. Woneneza mwamuna sagona m'nyumba ya mwamunayo. Wamva?"

Débora anatembenukira kwa Rahma. "Mayi, mukakana palibe mlandu. Ndingolemba kuti mwakana, ndizipita."

Mumtima Débora ankafuna kuti Rahma akane. Rahma anaika mpeni m'beseni, nasamba m'manja pang'onopang'ono, n'kugwira nsanamira kuti aimirire.

"Tiyeni pamtengo apo, mwanangu. Mundigwire dzanja."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mota ija. Pakhonde panadzaza anthu: Che Umaru, Hamida, anyamata a maukonde ndi amayi awiri oyandikana nawo omwe anabwera ngati akudzapempha moto. Sankamva mawu, koma maso onse anali pamilomo ya Rahma.

Mafunso anali wamba. Kodi mwadwalapo m'miyezi yapitayi? Inde. Munapita kuchipatala? Ayi. Chifukwa chiyani? Débora anayamba kuwerenga mayankho oti asankhepo, koma Rahma anamudula.

"Lembani kuti n'kutali ndipo mwendo sulola."

"Pakhomo pano pali chokwera?"

Rahma anayang'ana motayo. "Ilipo. Imanyamula nsomba kupita ku Entre Lagos. Akuti ine ndinganunkhitse nsombazo." Anaseka pang'ono. "Chilondachi chinayamba ndi munga wa mlamba. Kanthu kakang'ono. Funsani lina. Alipo ambiri?"

"Atsala ochepa."

"Musafulumire."

Ankayankha funso lililonse ataliganizira kaye, ngati akusankha nyemba. Pamapeto Débora anawauza kuti chilondacho chikufunika dokotala msanga. Rahma anangogwedeza mutu. Podutsa pakhonde potuluka, palibe anamuyankha Débora atatsazika.

Mmawa wake a Tobiasi anasankha nyumba zingapo zoti akatsimikize kuti macheza anachitikadi ndi anthu oyenera. Ya Che Umaru inali imodzi mwa izo. Anapita ndi Débora pagalimoto.

Che Umaru anawalandira ndi nkhope yowala.

"Shefe weniweni wafika! Hamida, mipando iwiri."

"Tingoonana ndi mayi Rahma pang'ono," anatero a Tobiasi.

"Pano palibe Rahma. Ndamupatsa talaka, ukwati watha, mboni zilipo. Azikagona kwa boma lakelo." Analoza tabuleti ndi singano. "Tsopano tatsala atatu. Dinani, mwanangu. Mwayi wanga wakula, eti? Ine sukulu sindinapite, koma kuwerenga nsomba ndimatha."

Anyamata aja anaseka. Hamida anali kale m'kakhitchini kaja, akutulutsa mphasa yakale ndi ndodo n'kuiponya kudzala.

Anam'peza Rahma padoko, atakhala pabwato lovundikira, kamtolo ka zovala kali pamiyendo. Asodzi ankamudutsa ngati chitsa. Onse ankagulitsa nsomba zawo kwa Che Umaru, ndipo panalibe wofuna kuoneka akumuwolotsa.

"Mayi," Débora anayamba, koma a Tobiasi anamudula.

"Ndinu mayi Rahma?" anafunsa a Tobiasi. "Dzulo mtsikanayu anacheza nanu? Panali wina womvetsera?"

"Tinali awiri."

"Anakuuzani kuti mukhoza kukana?"

"Anandiuza kawiri."

A Tobiasi anadina pa tabuleti yawo. "Zili bwino. Débora, wagwira ntchito yoyera. Tsiku lomwe unalemba mayina anali wa m'nyumbamo, ndiye mayankho ake akuwerengedwa."

"Shefe, tiwatenge. Tiwasiye pachipatala, kapena ku Entre Lagos akaoloke pamalire. Njira ndi yomweyo."

"Galimoto ya ntchito sinyamula anthu wamba. Akatifera m'njira udzayankha ndiwe? Ndikamuuza sekeretariyo, nkhani za mabanja ndi zake."

"Sekeretariyo ndi mlamu wa Che Umaru," anatero Rahma. "Ndiye anali mboni."

A Tobiasi anakanda m'mutu, nayang'ana dzuwa, n'kubwerera kugalimoto. Débora anatsala ataima.

"Kutsidyako muli ndi abale?"

"Ndinali ndi mlongo. Sindikudziwa ngati alipo." Rahma anathamangitsa ntchentche pamwendo. "Zimene ndinanena zija zafika kwa akuluakulu?"

"Zipita pamodzi ndi za anthu ena ambiri."

"Adzadziwa kuti ndi za Rahma?"

"Ayi, mayi. Mayina amachotsa. Paja ndinakuuzani kuti ndi chinsinsi."

"Amachotsa." Rahma anayang'ana panyanja. "Ine ndimayesa chinsinsicho ndi cha pakhomo pokha."

Hutala ya galimoto inalira. Débora anavula botolo la madzi lomwe linali m'khosi mwake naliika pabwatopo. Rahma sanaliyang'ane.

"Pita, mwanangu, angakusiye. Kuyenda pansi n'kutali, ndikudziwa ine."

Hutala inaliranso. Débora anathamanga. Galimoto itakhota kulowa mumsewu wa fumbi, anatembenuka n'kuona Rahma akuitana msodzi wina amene ankakankhira bwato lake m'madzi. Msodziyo anaweramitsa mutu, nalumphira m'bwato, n'kupalasa.