Malita a Galimoto Ziwiri

Chaka chimene nandolo anachita bwino ku Nkhulambe, Belita Kaliati anatopa ndi kudikira galimoto za eni ake. Iye ankagula nandolo m'midzi n'kumasunga m'shedi yake pa Migowi, ndipo kawiri konse matumba ake anakhala masiku atatu m'mbali mwa msewu chifukwa wamatola amene anagwirizana naye anasowa mafuta. Atakambirana ndi mwamuna wake, yemwe ankagwira ntchito ku Mulanje, anaganiza zogula galimoto yakeyake.

Galimoto zinapezeka ziwiri. Yoyamba inali kalole koyera ka petulo, kongofika kumene kuchokera ku Japan, ndipo anabwera nako ndi Goodman, wogulitsa galimoto wa ku Limbe. Yachiwiri inali pikapu yakale ya dizilo ya bambo Fraser a ku Mkhumba, yopserera penti ndi dzuwa. Mitengo yake sinkasiyana kwenikweni. Nkhani inali pa mafuta, chifukwa masiku amenewo munthu ankatha kuima tsiku lonse pamzere n'kungopatsidwa malita makumi awiri.

Goodman anatambasula pepala pa sikelo ya m'shedi. "Onani apa, amayi. Makilomita 13 pa lita imodzi. Sindine ndalemba, ndi eni ake amene anaipanga." Anamutengeranso ku chiwongolero n'kumulozera kagalasi kowala pa dashibodi, kamene kankaonetsa 12.9.

Bambo Fraser analibe pepala lililonse. Anangoti yawo imayenda makilomita khumi pa lita, ndipo anthu onse a ku Mkhumba akudziwa zimenezo.

Belita sankayendetsa galimoto. Amene akanamuyendetsera anali mlamu wake Frank, mng'ono wa mwamuna wake, yemwe anagwirapo ntchito ya udalaivala pa minibasi. Frank anayang'ana pepalalo pang'ono chabe n'kulibweza.

"Alamu, nambala iyi amaipeza m'chipinda. Galimoto imakhala pamalo amodzi, matayala akuzungulira pa makina, yopanda katundu, yopanda mphepo yoikankha, yopanda dzenje ngakhale limodzi. Msewu wa ku Nkhulambe saudziwa. Tengani ya dizilo."

Mawuwo anali omveka, koma Belita sanakonde kufulumira kwake. Frank anali munthu woti ukamufunsa ngati kugwa mvula amayamba wakanda m'mutu. Lero anali ndi yankho lokonzeratu.

Belita anapempha Goodman kuti amubwereke kaloleko tsiku limodzi. Frank anakadzaza thanki, napita ku Nkhulambe, nabwerako ndi matumba 15. Podzazanso thankiyo, pampu inathira malita asanu ndi atatu. Mita inali itayenda makilomita 64. Belita anawerengera pa foni yake: makilomita asanu ndi atatu okha pa lita.

Goodman atamva sanakwiye. Anakokera Belita pambali, kuseri kwa matumba, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ine sindikunena munthu, amayi. Koma inu munali m'galimotomo? Phazi la dalaivala limamwa mafuta kuposa injini. Komanso kapaipi n'kotchipa, ndipo petulo wa m'zigubu akuyenda malonda m'midzimu. Mlamu wanuyo akuifuna kwambiri galimoto inayo. Munamufunsa chifukwa chake?"

Mawu amenewo anamukhala Belita sabata yonse. Anakumbukira kuti tsiku limenelo Frank anachedwa ndi ola lathunthu, n'kunena kuti alimi anazengereza kusoka matumba. Anayamba kumuyang'ana m'manja akabwera pa shedi, ndipo tsiku lina anadzipeza akununkhiza jekete imene Frank anaisiya pa mpando. Anachita manyazi, koma sanasiye kukayika. Goodman nayenso, Belita sankamukhulupirira: munthu amene amaimba foni katatu pa tsiku kufunsa za thanzi la ana ako amene sanawaonepo amakhala akufuna china.

Lachinayi mafuta atafika pa Migowi, Belita anaitana onse awiri. Anawauza kuti galimoto zonse ziwiri zipita limodzi, maulendo awiri, iliyonse matumba 15. Ulendo woyamba Goodman ayendetsa yake, Frank ya dizilo; ulendo wachiwiri asinthana. Iye akwera m'galimoto yakumbuyo kuti aziona yakutsogolo.

"Ndiye kuti mukundiganizira zoipa," anatero Frank.

"Ndikufuna ndione ndi maso anga, alamu. Sindinatchule munthu."

Pa filing'i siteshoni anapempha Aliness, mayi wothira mafuta amene ankapemphera naye mpingo umodzi, kuti adzaze thanki iliyonse mpaka mafuta aonekere pakhosi. Kenako anamata tepi pa zotsekera zonse ziwiri n'kusainapo ndi bolopeni. Anasuzumira kuseri kwa mipando ndi pansi pa lona, kufuna chigubu kapena paipi, amuna awiriwo ataima chete ngati anthu oimitsidwa pa rodibuloko. Analemba manambala a pa mita zonse ziwiri kuseri kwa envelopu. Pomaliza analoza kagalasi ka pa dashibodi kaja.

"Kayambitseni pa ziro."

Goodman anazengereza. Anati batani lake limavuta. Frank analowetsa dzanja pa windo, nalidina kwa kanthawi, ndipo 12.9 uja anazimiririka.

Pa tala nambalayo inakwera bwino mpaka 13, ndipo Goodman ankaigogoda ndi chala kuti Belita aione. Atapatukira mumsewu wafumbi inayamba kutsika. Pobwerera, matumba ali kumbuyo, kaloleko kanakwera zitunda pa giya yachiwiri, injini ikulira mokweza ngati chigayo chimene achithira chimanga chambiri. Pikapu ya dizilo inali patsogolo ikungoguguda pang'onopang'ono, utsi wakuda ukutuluka apo ndi apo. Goodman anasiya kugogoda galasi lija. Anayamba kunena za ubwino wa mipando ndi wailesi.

Ulendo wachiwiri Belita anakhala ndi Frank m'kalole komweko, Goodman ali patsogolo pa ya dizilo. Frank anangoika maso pamsewu. Belita ankayang'ana phazi lake, kenako dzanja lake pa giya, osadziwa kwenikweni chimene akufufuza. Sanaone kusiyana ndi mmene Goodman ankayendetsera, kupatula kuti Frank ankazemba maenje bwino.

Anabwerera pa siteshoni dzuwa litapendeka. Matepi anali osang'ambika. Aliness anayamba ndi ya petulo, ndipo pampu itangodula yokha, Goodman anakweza dzanja.

"Basi, yadzaza."

"M'mawa sitinalekere pamenepo," anatero Belita. "Thirani mpaka aonekere, a Aliness."

Analowanso mafuta oposa lita imodzi. Onse pamodzi anakwana malita 16. Ya dizilo inalandira malita 14.

Belita anatulutsa envelopu ija kuti achotsere manambala, ndipo apa ndi pamene zinamusokoneza. Mita ya kalole inkanena kuti ayenda makilomita 128. Ya pikapu inkanena 135.

"Mwaona?" anatero Goodman, nkhope itawala. "Msewu umodzi, mita ziwiri zosiyana. Yawoyo anaiseweretsa. Mayeso onsewa alibe ntchito."

Belita anatembenukira kwa Frank. Galimoto zija sizinasiyane ngakhale pang'ono. Iye mwini anaziona tsiku lonse.

"Palibe anaseweretsa," anatero Frank. "Ndi matayala. Amene ali pa pikapuyi ndi ocheperapo kuposa amene inabwera nawo. Tayala laling'ono limazungulira kambiri pa mtunda womwewo, ndiye mita imawerenga mopitirira. A saizi yake anali atasowa tsiku limene tinapita kukagula ku Limbe."

"Munapita ndi ndani?"

Frank anayang'ana pansi.

Belita sanafunsenso pamaso pa anthu. Anapinda envelopu n'kulankhula ndi Goodman.

"Za mita tizisiye. Galimoto zonse zapita malo amodzi, zabwera ndi matumba ofanana, madalaivala omwewo. Yanu yamwa 16, inayo 14. Ndipo inayo ikanatha kunyamula matumba ena asanu."

"Koma pepala lija, amayi, silinama."

"Mwina silinama. Ikamayenda yopanda kanthu pa tala kuchokera ku Limbe, mwina imafikadi 13. Ine nandolo wanga sali pa tala."

Goodman anayesa kutsitsa mtengo, kenako ananena kuti galimoto yakale ya dizilo ikadwala imadwala zodula. Belita anavomera kuti mfundo imeneyo ndi yoona ndipo aionetsa kwa makaniko asanagule. Goodman anakwera kalole kake n'kumapita, osatsazika Frank.

Ku shedi, atatsitsa matumba, Belita anakhala pa benchi n'kumuuza mlamu wake kuti akhale nayenso.

"Bambo Fraser ndi ndani wanu?"

Frank anafotokoza kuti akufunsira mwana wawo wamkazi, Eveles, ndipo nkhaniyo inali isanafike kwa ankhoswe. Galimotoyo wakhala akuiyendetsa chaka chathunthu Loweruka lililonse, kupita ndi bambowo kumisika. Iwo anamupempha kuti awapezere wogula, ndipo iye anafuna kuoneka munthu wodalirika pakhomopo.

"Ndiye khumi pa lita uja munkadziwa kuti si woona."

"Iwo amawerengera pa mita yawo yomweyo. Sananame dala. Ine ndinkadziwa kuti ndi naini."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanamva za Eveles simukanandimvera chilichonse. Ndipo galimotoyo ndi yabwinodi, alamu. Mwaona nokha."

Belita anaona kuti pamenepo akunena zoona, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri kuposa bodza. Anafuna kufunsa za ola lija limene anachedwa tsiku loyamba, koma manambala anali atayankha kale: malita asanu ndi atatu pa ulendo umodzi, 16 pa maulendo awiri. Frank sanabe dontho. Anaganiza zomupepesa, koma sanatero.

Sabata yotsatira anapita ku Mkhumba yekha, pa kabaza, atatenga makaniko wa ku Phalombe amene Frank sankamudziwa. Makanikoyo anagona pansi pa galimoto, namvetsera injini, nanena kuti manozo opopera dizilo mu injini akufunika kutsukidwa ndipo utsi uja uchepa. Belita anauza bambo Fraser kuti agula, koma abwezeretse kaye matayala a saizi yake. Bambowo anang'ung'udza kuti mkamwini wawo wam'tsogolo sanawathandize, komabe anavomera.

Frank anayamba ntchito mwezi womwewo. Pakhomo ankalonjerana bwino, ndipo ukwati wa Frank utafika Belita anapereka galimotoyo kuti inyamule anthu a kwaya. Koma mafuta ankakathira yekha, ndipo atamva kuti pa boma patsegulidwa sukulu yoyendetsa galimoto, anakalembetsa dzina osauza munthu aliyense wa kuchimuna.