Mboni ya Amake Sekove

Ndinatayipa makalata pa ofesi ya sukulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nditapuma pa ntchito ndinagula kompyuta yakale n'kuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa Sigatoka, tauni ya pa chilumba chathu chino, kumene ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito. Ndimadzitama kuti sindilakwitsa, ndipo m'tauni muno aliyense anandimvapo ndikutero. Koma tsiku lina ndinalakwitsa, ndipo amene akanalira nazo si ine.

Unaisi Naivalu ndi msuweni wanga. Anabwera Lachiwiri masana atanyamula fomu yopindidwa kanayi, ikununkha anyezi. Hotelo ina ya kugombe inkafuna munthu wolandira masamba ndi zipatso kwa alimi, woti aziona, kuyeza pa sikelo ndi kubweza zosayenera zisanalowe kukhitchini. Unaisi sankaifuna ntchitoyi mongoyesa mwayi. Tebulo limene ankagulitsirapo mumsika linali m'dzina la apongozi ake, ndipo iwo atamwalira, banja linagamula pa mwambo wokumbukira malemu patatha masiku zana kuti tebulolo lipite kwa mkazi wa mwana wawo woyamba. Mwamuna wa Unaisi anali atamwalira kale, ndiye panalibe womuyankhulira. Anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi. Kunyumba kunali Sekove, mwana wake, amene anatsala ndi zaka ziwiri kuti amalize sekondale.

Ndinatambasula fomu ija. Pamene anafunsa za ntchito zimene anagwirapo, iye analemba ndi pensulo kuti ntchito za pakhomo. Amayi akuno amalemba choncho paliponse, kuchipatala, kubanki, ngakhale pa chikalata cha ukwati, ngati kuti amangokhala pakhonde kudikira dzuwa lilowe. Magazi anandiwira.

"Pakhomo pake pati? Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukuona mumsika umu, kapena ndimaona mzukwa?"

"Achemwali, kumsika si kuntchito," anatero akuyang'ana pansi. "Palibe anandilemba."

Ndinamuuza akhale pansi, ndipo ndinayamba kumufunsa ngati wapolisi. Amadzuka nthawi yanji? Folo koloko, kuti akumane ndi magalimoto a alimi ochokera kuchigwa. Amagula kwa alimi angati? Asanu ndi mmodzi, ena m'chilimwe, ena nthawi ya mvula. Mtengo amaika ndani? Iye mwini, ataona kuchuluka kwa katundu tsikulo. Makasitomala okhazikika? Malesitilanti awiri ndi sukulu ina yogonera komweko, imene ankaiperekera kabichi ndi mabiringanya Lolemba lililonse. Loweruka ankalemba ganyu mayi wina n'kumuphunzitsa kuunjika milu. Panalinso satifiketi ya maphunziro a ukhondo wa zakudya, a masiku awiri, imene anaisunga m'Baibulo. Nditamufunsa kuti amadziwa bwanji kuti papaya sadzafika Lachisanu, anayankhula mphindi khumi osapumira, manja ali m'mwamba, ndipo ndinaona kuti manyazi onse awaiwala.

Zonsezi ndinaziika pa chikalata cha mbiri ya ntchito. Pamwamba ndinalemba kuti mwini bizinesi yogulitsa masamba ndi zipatso, wodzilemba yekha ntchito, malo ake msika wa Sigatoka, kenako mwezi ndi chaka chimene anayamba. Pansi ndinandandalika zimene ankachita, chilichonse ndi nambala yake. Sindinamupatse udindo wa bwana wamkulu wa kampani ngati mmene amachitira anyamata otayipa kutsidya kwa msewu. Bodza lotero limagwa pa funso lachiwiri. Nditamuwerengera, anaseka ataphimba pakamwa, n'kunena kuti mayi ameneyo angakonde kukumana naye.

Vuto linali umboni. Wogwira ntchito mu shopu amakhala ndi kalata ya bwana wake, koma wa mumsika bwana wake ndi iye mwini. Unaisi anali ndi malisiti a msonkho wa tebulo odzaza chitini cha mabisiketi, koma onse anali m'dzina la apongozi ake. Ndiye kunatsala mboni, munthu woti a hotelo amuimbire foni. Ndinasankha a Shiu Narayan, mlimi wa kuchigwa amene anamugulitsa tomato kuyambira tsiku loyamba. Ndinadziona wochenjera, chifukwa a Narayan ankaperekanso tomato ku hotelo yomweyo nyengo yake ikafika, ndipo mawu awo akanamveka. Ndinamuuza Unaisi kuti mboni siilembedwa mwakabisira, akawapemphe kaye. Anakawapempha m'mawa mwake, ndipo anavomera ndi manja awiri.

A hotelo anamuitana Unaisi kukayankha mafunso sabata yotsatira. Anavala diresi la kutchalitchi. Mayi woona zolemba anthu ntchito, a Litiana, anamufunsa za makasitomala ake, ndipo mkulu wa khitchini anamutengera kuseri n'kumuikira kireti ya zinanazi kuti asankhe. Anapatula zitatu osazidula, atangozinunkhiza kumatako. Atazidula, zonse zitatu zinali zitayamba kusasa. Anamuuza kuti atsala ndi kuyankhula ndi mboni yake basi.

Panapita masiku angapo foni ili zii.

Lachisanu m'mawa ndinalawirira kumsika kukagula masamba a koko. Ndinapeza a Narayan akutsitsa makireti pa tebulo la Unaisi, akusimba nkhani mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Bambo ameneyu akamayankhula, ngakhale a ku gawo la nsomba amamva.

"Akuba achuluka, amake Sekove. Lolemba andiimbira foni, akuti ndi a ku hotelo. Akuti mukumudziwa Unaisi Naivalu? Akuti wakhala akugula kwa inu zaka khumi ndi zinayi. Ine ndati mayi, makasitomala anga ndimawadziwa ngati ana anga, dzina limenelo sindinalimvepo. Wina akufuna kudyera pa dzina langa." Anaseka n'kupukuta thukuta. "Nanga anu aja aimba liti? Ndikudikiratu."

Unaisi anali atagwira tomato m'manja. Anamuika pa mulu pang'onopang'ono.

"Unaisi ndine, bambo Narayan."

Sindinaonepo munthu wamkulu akufota chotero. Anavula chipewa, anachivalanso, kenako anayang'ana ine ngati kuti ndine ndinabisa dzinalo. Ndipo zoona, mlandu unali wanga. Kuno mkazi akangobereka, dzina lake limapita m'sutikesi. Kumutchula dzina lenileni mayi wa mwana n'kupanda ulemu, ndipo mumsika monse, kuyambira wotolera msonkho mpaka wogulitsa mizu ya chakumwa cha kava, Unaisi anali amake Sekove. Ine ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana. Ndinatayipa dzina la pa chitupa, ndinamutuma Unaisi kukapempha mboni, koma osaganiza zoti mboniyo imve dzina limene idzafunsidwe. Ndinachita manyazi kwambiri.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti Unaisi sanakwiye. Anangoti mwina n'zimene Mulungu wakonza, ndipo anayamba kukonza milu yake ngati palibe chachitika. Ndinaona kuti mumtima wabwerera ku pensulo ija. Kwa iye, foni imeneyo inangotsimikiza zimene ankakhulupirira kale, zoti zaka zake za mumsika sizili paliponse. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti apereke tebulo.

Ndinawagwira dzanja a Narayan n'kuwakokera ku kachipinda kanga. Ndinawauza kuti foni yawononga, ndiye pepala likonze. Iwo aziyankhula, ine ndizitayipa. Mzere woyamba ndinaumirira kuti ukhale wanga: Unaisi Naivalu, amene mumsika amadziwika kuti amake Sekove. Zotsalazo zinali zawo. Ananena chaka chimene anayamba kumugulitsa, makireti angati pa sabata, ndi mmene Unaisi anapezera alimi a kumtunda chaka chimene madzi osefukira anakokolola minda ya kuchigwa, kuti sukulu ija isasowe kabichi. Kenako anawonjezera kuti mayi ameneyu salandira tomato wofewa ngakhale umulirire, ngakhale ukhale mnzake. Ndinafuna kuchotsa mawu amenewo poona ngati akumunena, koma anakana. Anasaina n'kulemba nambala yawo ya foni pansi.

Tinakwera atatu kutsogolo kwa lole yawo, Unaisi ali pakati, atavala epuloni ya mumsika chifukwa sitinamupatse mpata wosintha. Njira yonse ankatipempha kuti tibwerere, akuti n'zamanyazi kukapempha kawiri.

A Litiana anatilandira ataima. Anatiuza mosabisa kuti mapepala a Unaisi anawaika pambali, chifukwa mboni ikakukana palibenso chokambirana, ndipo Lolemba ankafuna kuimbira munthu wina wofuna ntchitoyo. A Narayan anayamba kupepesa ndi mawu awo a kumsika aja mpaka mlonda anasuzumira. A Litiana anawerenga kalata, anafika pa mzere woyamba, n'kukhala pansi. Anati amayi awo nawonso anagulitsa nkhanu ku msika wa Nausori moyo wawo wonse, ndipo pa maliro awo theka la anthu linamva dzina lawo koyamba m'busa akuwerenga. Komabe sanatengeke ndi chisoni chokha. Anapempha chitupa cha a Narayan, anafananiza nambala ya foni ndi imene anaimba, n'kufunsa Unaisi dzina la munthu wogula zakudya pa sukulu ija. Anamuimbira ife tili pomwepo, ndipo ulendo uno anatchula mayina onse awiri.

Unaisi anamulemba ntchito, poyamba kwa miyezi itatu yoyeserera. Tebulo analipereka tsiku lomwe anagwirizana, atalitsuka ndi sopo.

Patapita milungu itatu a Narayan analowa mu kachipinda kanga osagogoda, n'kuika kapepala pa kompyuta yanga. Anali atapititsa makireti khumi a tomato ku hotelo, ndipo awiri anabwerera nawo.

"Ndamuuza kuti amake Sekove, ine? Ine amene ndinawotcha mafuta anga kukuchitirani umboni? Mukudziwa wandiyankha chiyani? Akuti bambo Narayan, munalemba nokha, ndipo munasaina."

Ndinatenga kapepalako. Kanali ka hotelo, kolembapo katundu wolandiridwa ndi wobwezedwa. Pansi pake, pa malo a wolandira, panali dzina lolembedwa ndi bolopeni, zilembo zikuluzikulu zodinikiza mpaka kuboola pepala: Unaisi Naivalu.

Ndinawafunsa ngati tomatoyo analidi wofewa. Anati pang'ono. Kenako anatenga kapepala kaja, analiwerenga dzinalo motsitsa mawu kawiri, anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya.