Yankho la a Dailesi kwa a Chimwaza

Chaka chimene ndege zikuluzikulu zinayamba kutera ku Lilongwe, kampani imene inkaphika chakudya cha m'ndege ku Chileka inachepetsa antchito. Mwa amene anauzidwa kuti akapume munali a Dailesi, amene anagwira m'khitchinimo kuyambira ali mtsikana. Anayamba ndi kutsuka mbale, kenako kuphika, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zomaliza ndiwo anali supavayiza. Ankagawa mashifiti, kuitanitsa nyama ndi ndiwo zamasamba, ndiponso kuonetsetsa kuti chakudya cha Asilamu chaphikidwa m'mapoto akeake. Anabwerera ku Lirangwe kumene amuna awo, a Isaki, ankalima chimanga ndi nandolo.

Mvula ili pafupi, kunabwera kalata yochokera kwa a Willie Chimwaza, olemba anthu ntchito pa kampani ina imene inkatsegula hotela ku Limbe. Analemba kuti anamva mbiri yabwino ya a Dailesi, ndipo anawasungira malo a wothandiza kukhitchini. Lachinayi adzakhala ku Chileka kukumana ndi amene anachotsedwa ntchito, ndiye adzamve yankho pomwepo.

A Dailesi ankaidziwa bwino ntchito ya wothandiza. Ndi kusenda mbatata, kuwaza anyezi ndi kukolopa. Anthu a ntchito imeneyi ndi iwo amene ankawalemba, n'kumawaphunzitsa okha kagwiridwe ka mpeni.

A Isaki sanavutike nazo maganizo. Anati ntchito ndi ntchito, ndipo wokana ntchito masiku ano amatchuka msanga kuti ngodzimva. Anawonjezera kuti munthu akalowa m'kati ndi pamene mabwana amaona luso lake. Akazi awo sanatsutse. Zoti pakhomo pakufunika malipiro ankazidziwa kuposa wina aliyense. Kusenda mbatata sikunali kowachititsa manyazi, poti ndi kumene anachokera. Chinkawavuta chinali china. Ku Chileka anaonapo anthu aluso akulowa pa malo apansi atalonjezedwa kukwezedwa, n'kukalambira pomwepo, akugwira ntchito ya mkulu ndi dzina la mwana.

Masiku otsalawo anawatha akupalira mawu m'mutu uku akugalauza m'munda. Poyamba anafuna kungokhala chete osapita, koma anaona kuti kutero n'kudzitsekera khomo, pakuti olemba ntchito m'Blantyre ndi ochepa ndipo amadziwana. Anaganizanso zolemba kalata yofotokoza zonse zimene anachita pa ntchito, koma ataiyamba inamveka ngati akukalipa. Anaing'amba.

Lachinayi anakwera basi mpaka pa Lunzu, n'kupeza matola a ku Chileka. A Chimwaza anabwereka kachipinda kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika. Panja panali anzawo akale a m'khitchini, aliyense ali ndi kalata ya umboni wa ntchito ndi khadi la chipani m'manja. Pakati pawo panali Mwanahawa, mayi wa ana awiri amene anagwira chaka chimodzi chokha ntchito isanathe. Iye sanaitanidwe, anangobwera kudzayesa mwayi.

A Chimwaza anali bambo wofatsa, wa tayi wofiirira, wooneka wotopa. A Dailesi anayamba ndi kuthokoza kuti anawakumbukira. Kenako anafotokoza mwachidule ntchito imene ankagwira, kuchuluka kwa anthu amene ankawayang'anira, ndi kuti malo amene akufuna ndi a supavayiza kapena mkulu wa ophika. Anafunsa ngati malo otere alipo.

Bamboyo anati pakadali pano palibe, koma akayamba pansi n'kuonetsa luso, kutsogolo kudzaoneka.

"Pepani achimwene, ndifunse kuti ndimvetse," anatero a Dailesi. "Malo a supavayizawo ndi opanda munthu, kapena alipo kale wina? Ngati ndi opanda munthu, mungandilembere kuti ndidzayesedwa pakatha miyezi ingati?"

A Chimwaza anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Anavomera kuti malowo anapatsidwa kale kwa munthu wochokera ku hotela ina ya kampaniyo, ndipo sakuyembekezeka kuchoka. Zolemba lonjezo analibe nazo mphamvu. Ananenanso poyera kuti mabwana anakondwa ataona dzina la a Dailesi, chifukwa ankafuna munthu woti aziwongolera achinyamata m'khitchinimo.

A Dailesi sanakwiye. Anaona kuti bamboyo akanatha kuwanamiza koma sanatero.

"Zikomo pondiuza zoona. Malo amenewa sindiwatenga. Si kunyoza ntchito ayi, koma ndikalowa ndizigwira ya wina, mtima uziwawa, ndipo pakapezeka pena ndidzachoka. Inu mudzayambanso kufuna munthu. Dzina langa lisungeni, pakadzapezeka malo a msinkhu wanga mudzandiuze."

Asanatuluke anatchula Mwanahawa. Anati ndi waukhondo, sachedwa, ndipo malowo ndi omuyenera ndendende. A Chimwaza analemba dzinalo, nalembanso keyala ya a Dailesi papepala lina.

Panja nkhani inali itamveka kale, poti chitseko chinali cha malata. Mayi wina anayankhula mokweza kuti ena akhuta. A Dailesi anangouza Mwanahawa kuti asachoke, aitanidwa, iwo n'kumapita kokwerera matola. M'njira mantha anawagwira. Anadzifunsa ngati sanasokoneze ulemu ndi kunyada.

A Isaki atamva, anakhala masiku angapo osaitchula nkhaniyo. Mvula inagwa, anadzala, anapalira. Mwezi wa Febuluwale unali wowawa, ndipo mwana wawo wamkulu anakhala kunyumba milungu ingapo posowa fizi asanabwerere kusukulu. Mwanahawa anayamba ntchito ku Limbe, ndipo tsiku lina anatumiza sopo ndi paketi ya shuga. A Dailesi analandira.

Chimanga chitacha, anayamba kukazinga nkhuku ndi mbatata pamsewu pa Lirangwe, kugulitsa kwa madalaivala a malole opita ku Mwanza. Ndi pamene a Chimwaza anawapeza masana ena, ali pa ulendo wa ku Balaka. Anaimitsa galimoto, nagula nkhuku, n'kudya ataimirira. Anati ku kampani kwawo zinthu sizinasinthe. Koma mnzawo wina, woyang'anira chipatala cha mishoni ku Thyolo, akufuna mkulu wa khitchini, ndipo iwo anatchula dzina la a Dailesi. Anachenjeza kuti si lonjezo. Ofunsira alipo ena, mafunso adzakhalapo, ndipo malipiro a mishoni safika pa a ku Chileka.

A Dailesi anafunsa kuti khitchiniyo imadyetsa anthu angati, ndipo mkuluyo amayankha kwa yani. A Chimwaza anaseka pang'ono, nati zimenezo akafunse okha Lolemba, tsiku la mafunsowo.

Madzulo a Dailesi anawauza a Isaki. Bambowo anakhala kanthawi akukonza mpini wa khasu, kenako anati Thyolo ndi kutali, ndipo munda sungasamuke. Akazi awo anavomera kuti ndi kutalidi, ndipo akalembedwa azibwera pakutha pa mwezi basi. Anakambirana za ana, za amene aziwaphikira, mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Sanamalize zonse.

Lolemba a Isaki anawaperekeza kukakwera basi yoyamba. A Dailesi analembedwa patatha milungu itatu, ndipo anagwira ku chipatalako mpaka anapuma. Koma akafunsidwa ngati anachita bwino kukana malo a ku Limbe, ankati sadziwa, chifukwa Febuluwale uja akanatha kuwathera moipa.