Magazi Ambiri a Tryness

Nkhungu inali isanachoke m'mapiri pamene a Hezron Chirambo anafika pachipatala. Anagwira ntchito kumapiri a ku Chelinda zaka makumi awiri, akulondera nyama zakutchire ndi kupiringiza fodya wawo. Akazi awo, Tryness, anamwalira chaka chatha atafa ziwalo mbali imodzi. Tsopano nkhope yomwe ankaiona pagalasi pometa inali yakuda mofiirira, maso ofiira, ngati ya malemuwo. Anasiya kumeta.

Dokotala, mayi Kezia Mhango, anawapana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya, anawakanikiza pamimba, n'kuwerenga zotsatira za magazi.

“Adada, maselo ofiira achuluka chomene. Koma ndi fodya. Mpweya ukukuchepera m'thupi, ndiye impso zikuuza mafuta a m'mafupa kuti awonjezere magazi. Kumtunda kozizira kuja zimachitikanso. Mwina mumafuna kumaliza nokha fodya yense wa ku Nkhamanga?”

A Hezron sanaseke. Anatulutsa buku lakuchipatala la Tryness m'thumba la jekete.

“Utsi wanga ndiwo unamupha?”

Dokotala anatsegula masamba pang'onopang'ono.

“Ankasuta?”

“Ayi.”

“Munatsika liti ku Chelinda?”

“Patha zaka zisanu. Tili ku Henga.”

“Magazi a kuphiri amatsika munthu akatsika. Koma a akazi anuwa ankangokwera. Onani, si ofiira okha: oyera ndi oundanitsa magazi analinso pamwamba, kapamba atatupa, mpweya uli bwinobwino. Anu, ofiira okha. Akasamba ankamva kuyabwa?”

A Hezron anamuonanso Tryness kuseri kwa bafa, akudzikanda miyendo ndi chitsononkho. Anagwedeza mutu movomereza.

“Zikufanana ndi matenda otchedwa polycythemia vera. Mafuta a m'mafupa amapanga magazi popanda wowatuma. Magazi amalemera ngati phala, n'kuundana m'mitsempha. Si utsi wanu.”

Kenako chala cha dokotala chinaima pamzere wina. A Hezron ankaudziwa mzerewo. Panalembedwa kuti wodwala achotsedwe magazi, ndipo pansi pake, kuti mwamuna wakana. Tsiku limenelo anamugwira Tryness padzanja n'kutuluka naye. Mwana wawo woyamba anamwalira ndi kuchepa kwa magazi. Ndani anamvapo zoti munthu akudwala chifukwa magazi amuchulukira? Amayi a kutchalitchi ankamusirira Tryness chifukwa cha magazi ambiriwo.

“Akanamuchotsa?” anafunsa.

Mayi Mhango anazengereza.

“Sakanachira. Koma magazi akanapepuka, ndipo ambiri amakhala ndi moyo zaka zambiri.”

Panja wina ankakankha njinga ya odwala yolira tayala.

“Inu musiye fodya, adada. Mubwere pakatha miyezi itatu tidzayezenso. Akapanda kutsika, tidzafufuza zina.”

“Yewo.”

A Hezron anabweza bukulo m'thumba la pachifuwa. Pakhomo anataya fodya ndi machesi m'bini. Anakwera minibasi ya ku Henga, anatenga khasu kunyumba, n'kupita kukalambula pamanda a Tryness.