Mabotolo Awiri Osalemba

Pikapu ya mng'ono wanga anaikokera kugalaja kwanga patatha masiku khumi titamuika m'manda. Apolisi anali atathana nayo. Anangolemba kuti mabuleki anakana pamtsetse. Kumbuyo kunali kudakali zikhokhombe za mazira amene ankapita kukasiya m'mashopu, zitaumira pamalata, ntchentche zili ng'waa.

Ndinatha masiku awiri ndikuilambalala. Tsiku lachitatu m'mawa ndinakanula boneti ndi chitsulo, chifukwa inali itapindika. Kathanki ka mafuta a mabuleki kanali kosasweka. Nditatsegula chivundikiro, labala wam'kati anatuluka atafufuma, wofewa ngati chinkhupule, moti anakana kubwereramo. Ndinanunkhiza. Fungo la oyilo wa giyabokosi ndi loti sungalisokoneze, limakhala ngati la mazira ovunda.

Ndinatunga madzi m'kapu n'kudonthezamo pang'ono. Mafuta a mabuleki amasungunuka m'madzi. Awa anayandama pamwamba, timaso tachikasu. Ndinaima ndi kapu ija nthawi yaitali, osamva kanthu m'mtima. Kenako ndinamasula pampu ya mabuleki n'kuiphwasula pabenchi. Timalabala tam'kati tinali titatupa, kena katang'ambika pakati. Oyilo amadya labala wa mabuleki pang'onopang'ono. Galimoto imayenda bwinobwino sabata imodzi kapena ziwiri, tsiku lina umaponda phazi n'kungofika pansi.

Masana ndinapita kunyumba kwawo. Mlamu wanga, mkazi wa malemuyo, ndinamupeza akupinda malaya a mwamuna wake pamphasa.

"Alamu, ndione nawo kaye kusitolo kuja," ndinatero.

"Lowani, n'kosakhoma."

M'kachipinda kosungira katunduko, pashelefu panali mabotolo atatu akale a madzi akumwa, onse ochokera kwa ine. Ndinkagula zigubu zikuluzikulu za zothira m'galimoto n'kumamupungulirako mng'ono wanga. Loyamba linali la kulanti wobiriwira wa m'radiyeta. Limenelo ndinalemba ndi dzanja langa: POIZONI. OSASAKANIZA NDI WAPINKI. Ndinkaopa ana, poti kulanti amatsekemera, komanso mitundu iwiriyo ikakumana imatha kuchita phala n'kutseka radiyeta. Awiri enawo sindinalembe kanthu. Onse anali achikasu. Mwini wake ankawadziwa ndi mphuno, ndipo ankandiseka kuti ndimamutenga ngati wobadwa dzulo. La mafuta a mabuleki linali lodzaza mpaka m'khosi. La oyilo wa giyabokosi linali litatsika zala zitatu.

Nditatuluka ndinakhala pampando wapakhomo. Mlamu anabweretsa madzi, ndinamwa.

"Galimoto ija mwaiona?" anafunsa.

"Ndaiona."

"Ine sindimvetsa, alamu. Mabuleki aja anali ndi mafuta. Ndinathira ndekha."

Iye anapitiriza, maso ali pa kolala imene ankaiwongola.

"Kanyali kofiira ka m'galimoto kanayaka. Bambo a kunyumba anali m'bafa, atachedwa kale. Anakuwa kuti, tandiwonjezerako mafuta a mabuleki, botolo lachikasu. Anali atandionetsapo pothira. Ndinadzaza mpaka pamzere, osataya ngakhale dontho. Ananditcha makaniko wamkulu tsiku limenelo, ati achimwene asamale, ntchito iwathera."

"Linali liti?"

"Sabata ziwiri ngozi isanachitike. Bwanji?"

Kunja kwa mpanda munthu ankakhoma msomali. Ndinamvetsera mpaka anasiya.

"Palibe," ndinatero. "Timalabala tam'pampu tinatha. Galimoto inali yokalamba."

"Ndiye sakanadziwa?"

"Sakanadziwa."

Anagwedeza mutu n'kutenga malaya ena. Ndinamuuza kuti mabotolo aja ndiwatenga, poti panalibenso galimoto yowafuna. Anandipatsa jumbo.

Kugalaja ndinapeza mayi wina, mphunzitsi, akundidikira ndi kagalimoto kawo kamene kankatenthetsa injini. Ndinadikira izizire, ndinatsegula radiyeta, n'kupeza matope abulauni. Anati mwamuna wawo amangothira kulanti aliyense amene wapezeka. Ndinawafotokozera zonse bwinobwino, mawu akutuluka okha ngati wailesi. Ndinatsuka, ndinathira watsopano, anathokoza n'kumapita.

Mkazi wanga anabwera ndi chakudya cha masana mochedwa. Anaona pampu yophwasula pabenchi ndi jumbo ya mabotolo.

"Mwapeza chiyani, bambo?"

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa chivundikiro mpaka pa zala zitatu zija. Anakhala pa tayala.

"Mwamuuza?"

"Ayi."

"Mudzamuuza?"

"Kaya. Botolo losalemba linali langa."

Anavundukula mbale n'kundiikira pafupi. Ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa kawiri, mafuta akuda osachoka m'zikhadabo. Ndinadya zonse, koma mukandifunsa kuti ndiwo zinali chiyani sindingakuuzeni. Madzulo asanakwane wogula zitsulo zakale anabwera kudzafunsa za pikapu. Ndinamuuza kuti abwere Lolemba ndi lole.