Zodya Uvuni Uli Chizizilire

Lorenso adalanda Clotilda, mkazi wa malemu mkulu wake Sebastiano, bekale ya pa Makhanga, ndipo adalanda masana dzuwa likuswa mtengo, abale onse akuyang'ana.

Sebastiano adamwalira mvula itangoyamba. Clotilda adapukuta misozi n'kupitiriza kuphika buledi, poti uvuni udali wa awiriwo, njerwa adaumba yekha. Mu Febuluwale madzi a Ruo adasefukira, njira zonse zidaduka, ndipo m'malo mwa matumba khumi a fulawa adaphika awiri basi. Madzi ataphwa, Lorenso adaitanitsa abale m'bekale momwemo. Adabwera atavala malaya ofiira a Yufi, gulu la achinyamata a chipani, kuti aliyense adziwe poyankhulira. Malume awo, a Hilario, adakhala pa thumba.

"Malume, mwezi wabwino pano pamapita K116 yoyendetsera bekale," adatero Lorenso. "Mwezi wa madzi alamuwa aphika awiri mwa matumba khumi. Ndiye pakadapita K23.20. Iwo akuti K34.40. Kwinako kwapita kuti? Kapena alipo wina akumuphikira?"

Azibale adaseka. Clotilda makutu adamutentha. Adatulutsa nthangala za masawu zimene zidali m'lichero n'kuunjika milu itatu pansi.

"Malume, mulu uwu ndi zodya ndalama ngakhale uvuni uli chizizilire. Lendi K6. Mlonda K4. Laisensi K12 pa chaka, ndiye kwacha imodzi pa mwezi. K11 imeneyo, kaya ndiphike kaya ndisaphike. Mwini nyumba safunsa ngati kwagwa madzi."

"Pitirizani," adatero a Hilario, akutokosa m'mano.

"Mulu wachiwiriwu umayenda ndi thumba. Fulawa K8, ndiye yisiti, shuga, mchere, mafuta ndi nkhuni zake K2. Thumba lililonse K10. Khumi ndi K100, awiri ndi K20. Ndikapanda kuphika, palibe."

"Nanga wachitatuwo?"

"Wachitatuwu ndi alamu anga omwewa. Malemu adapangana nawo kuti bwato lawo lizititengera fulawa: K3 pa mwezi yongosungira bwatolo, kuwonjezapo 20 tambala pa thumba. Mwendo wina uli mu mulu woyamba, wina mu wachiwiri. Mwezi wabwino amalandira K5. Mwezi wa madzi alandira K3.40, osati kwacha imodzi. Bwanji yawoyo sadaigawe pasanu?"

Clotilda adawerenga mokweza: 11, 20, 3.40, zonse K34.40. Mtima udayamba kutsika. Adaganiza kuti zatha, poti ngakhale mwana wa Sitandade 3 akadaona kuti palibe tambala yosowa.

Lorenso adanjuta pafupi ndi miluyo. Sadachite manyazi ngakhale pang'ono. Adamwetulira ngati wapatsidwa mphatso.

"Takhuta, zikomo alamu, mwatiphunzitsa. Ndiye kuti chimene chikupha bekale ya m'bale wanga ndi mulu woyambawu, zodya osaphika."

"Umalemera mwezi wophika pang'ono, inde. Koma popanda nyumba ndi laisensi simuphika."

"Koma mwaiwala nthangala imodzi." Adatola ina m'lichero n'kuiponya pa mulu woyamba. "Inuyo. Mumatapa K10 ya pakhomo mwezi ndi mwezi, madzi kaya chilala. Mumagona m'chipinda chakuseri chimene lendi yake ikulipira ndi bekale. Malume, ng'ombe za lobola tidapereka ife. Bekale ndi ya kwathu. Mayiwa tiwachotse mu mulu uwu, tiwaike mu uwo." Adakankha nthangalayo ndi chala cha kuphazi. "Azilandira 50 tambala pa thumba limene akanda. Thumba palibe, tambala palibe. Chipinda agonemo mlonda."

"Alamu, mwezi wa madzi ndidzadya kwacha imodzi?"

"Mwanena nokha. Umayenda ndi thumba."

"Nanga K3 yanu?"

"Limenelo ndi pangano la malemu. Mukufuna tiphwanye mawu a wakufa?"

Clotilda adatembenukira kwa a Hilario. Iwo adayang'ana malaya ofiira aja, adayang'ana denga, kenaka adatambasula dzanja.

"Perekani makiyi, mayi. Masamu anu ndi oona, palibe wakana. Simunabe. Koma mwanayu wanena za nzeru."

Adamasula makiyi pa nsonga ya chitenje n'kuwapereka. Dorika, mkazi wa Lorenso, adali atayamba kale kuyeza zenera la chipinda chakuseri ndi mkono, akufunsa ngati bedi la malemu lituluke kapena litsale. Mlonda sadagonemo ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa mwake Clotilda adabwera kudzakanda fulawa, poti njala siidikira. Lorenso adaimirira pakhomo akuwerenga matumba.

"Lero limodzi lokha, alamu. Enawo akanda a Dorika, akuphunzira."

Inu amene mwawerenga izi, ena mwa inu mudalipo, mudaseka nawo, ndipo buledi wa pamenepo mukugulabe. Mkaziyo sadabe tambala, mudamva ndi makutu anu. Ndiye adalakwa chiyani kuti aponyedwe ndi chala cha kuphazi? Musayang'ane denga ngati a Hilario. Ndiyankheni.